Mutu watsala wokha pansi pa tsamba 17, koma Keep with next ndi wochonga kale

Tadala:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi lipoti la masamba 46 mu Word, ndipo likufunika Lachisanu. Pa tsamba 17, mutu wa gawo lachinayi wakhala wokhawokha pansi penipeni, mawu ake onse ayambira pa tsamba 18. Pa tsamba 23 napo, pamwamba pali kamzere kamodzi kotsalira ka ndime ya tsamba 22, mawu anayi okha basi.

Dzulo vuto lomweli linali pa tsamba 12. Ndinangoukankha mutuwo ndi Enter mpaka unadumphira tsamba linalo, ndipo zinaoneka bwino. M'mawa uno abwana achotsa ndime imodzi kumayambiriro, zonse zakwera m'mwamba, tsopano pakati pa tsamba 12 pali chimpata chachikulu ngati ndinaiwala kuikapo chithunzi. Kodi palibe njira yoti zimenezi zizikhazikika zokha?

Mphatso:
Zosavuta achemwali. Dinani Ctrl+A kuti musankhe zonse, pitani pa Home, dinani kamuvi kakang'ono kali pakona pa Paragraph, mutsegule Line and Page Breaks. Mupeza timabokosi, Widow/Orphan control, Keep with next ndi Keep lines together. Chongani tonse titatu, OK, mwathana nazo. Ine ndimatero nthawi zonse.

Tadala:
Ndachita zimenezo. A Mphatso mwandipha. Masamba achoka pa 46 afika 51, ena angotsala theka opanda kanthu, ndipo mutu wina wa kutsogoloko watsalabe wokha pansi. Choipa n'choti ndasunga fayilo n'kuitseka ndisanaone bwinobwino, ndiye Ctrl+Z sakubwezanso.

A Nkhoma:
Pepani mwana wanga, koma palibe chawonongeka, tibweza. A Mphatso malo akulozerani ndi olondola ndithu, cholakwika ndi Ctrl+A yekhayo. Timabokosi timeneto tili ndi ntchito zosiyana, ndipo kamodzi kokha ndi koyenera ndime zonse.

Widow/Orphan control amauza Word kuti ndime ikamaduka pakati pa masamba awiri, mbali iliyonse pakhale mizere iwiri kapena kupitirira. Ameneyu inde, ayake paliponse. Keep lines together amaletsa ndime kudukiratu, ndiye ndime ya mizere 14 ikapeza malo a mizere 13, yonse imasamukira tsamba lina n'kusiya malo 13 aja ali mbee. Masamba asanu owonjezeka aja achokera pamenepo. Keep with next amamangirira ndime ku inzake yotsatira. Mukamangirira ndime zonse za m'lipoti, mwapempha Word kuti masamba 46 akwane pa tsamba limodzi. Sangathe, ndiye amangodula pomwe tsamba ladzadzira, ndipo mutu sausiyanitsanso ndi ndime wamba popeza zonse mwazipatsa lamulo limodzi.

Kubweza kwake chitani chonchi. Pa Home pomwepo, pa mndandanda wa masitayilo, dinani Normal ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Select All. Zisankhika ndime za Normal zokha, mitu ayi. Kenako bwererani ku Line and Page Breaks, chotsani chizindikiro pa Keep with next ndi pa Keep lines together, Widow/Orphan control musiyeni. Ngati muli ndi mindandanda ya timadontho, chitaninso chimodzimodzi pa List Paragraph.

Mphatso:
Koma bambo Nkhoma ine sizinandivutepo.

A Nkhoma:
Mumalemba zotalika bwanji?

Mphatso:
Kawirikawiri masamba awiri kapena atatu.

A Nkhoma:
N'chifukwa chake. Pa masamba awiri malo odukira ndi amodzi okha, mwayi ukhoza kukuperekezani chaka chonse.

Kondwani:
Bwanji osangodina Ctrl+A kenako Ctrl+Q? Zonse zibwerera mmene sitayilo ikunenera.

A Nkhoma:
Zibwerera zoona, koma Ctrl+Q amasesa chilichonse chomwe munthu anaika pamanja pa ndime. Ngati Tadala anaika mawu a pachikuto pakati pa tsamba podina batani, kapena analowetsa ndime zina mkati, zonsezo zipita limodzi. Pa fayilo yomwe sunaione, ndi bwino kuchotsa chokhacho chomwe chalakwika.

Tadala:
Ndabweza, tili pa 46. Zikomo bambo. Koma mutu wa pa tsamba 17 uli pompaja. Ndaudina n'kutsegula Line and Page Breaks, ndipo Keep with next ndi wochonga. Sitayilo yake ndi Heading 2. Ndiye akukanikiranji?

A Nkhoma:
Heading 2 amabwera nawo kale Keep with next ndi Keep lines together, simufunika kuwaika nokha. Choncho ngati mutu watsalabe, ndikukayikira chinthu chimodzi. Dinani Ctrl+Shift+8, kapena batani la ¶ pa Home, kuti zizindikiro zobisika zioneke. Mundiuze zomwe zili pansi pa mutuwo, pakati pa iwo ndi mawu oyamba a gawolo.

Tadala:
Kumanzere kwa mutu kwatuluka kabokosi kakuda kakang'ono. Pansi pake pali ¶ mmodzi yekha pamzere wakewake, ndiye tsamba latha.

A Nkhoma:
Wakuba tamugwira. Kabokosi kakudako si vuto, ndi chizindikiro choti ndimeyo ili ndi Keep with next, Keep lines together kapena Page break before, ndipo sikatuluka pa pulinta. Vuto ndi ¶ ali yekhayo.

Kwa inu, pamenepo pali mpata chabe woti mutu upume. Kwa Word, nthawi iliyonse mukadina Enter mwapanga ndime, kaya muli mawu kaya mulibe. Ndiye mwamuuza kuti mutu usasiyane ndi ndime yotsatira, iye wayang'ana, wapeza ndime yotsatira ndi yopanda kanthu ija, waiika pansi pa mutu pa tsamba 17, ndipo kwa iye lamulo lakwaniritsidwa. Sanakunyozeni, wachita ndendende zomwe munanena. Ndime yopanda kanthuyo ndi ya Normal, siinamangidwe ku chilichonse, ndiye tsamba ladukira pamenepo.

Ichotseni. Mukatero mutu ugwirana ndi ndime yeniyeni, ndipo popeza ndimeyo ili ndi Widow/Orphan control, mutu sungakhale pa tsamba 17 pokhapokha patakwana mutuwo ndi mizere iwiri ya mawu ake. Pakapanda kukwana, zonse zipita pa 18.

Tadala:
Ndachotsa, wadumpha wokha! Koma tsopano mawu athinana ndi mutu, sizikuoneka bwino. Ndipo mitu yonse m'lipotili ndinaichita chonchi, ilipo yoposa makumi atatu.

A Nkhoma:
Mpatawo uikeni m'sitayilo. Dinani Heading 2 ndi batani lakumanja, Modify, kenako Format pansi kumanzere, Paragraph. Pa Spacing muike Before 18 pt ndi After 6 pt, kapena manambala ena omwe maso anu akonde, bola wa pamwamba akhale wamkulu kuposa wa pansi kuti mutu uzioneka kuti ndi wa mawu omwe ali pansi pake. Mitu yonse ya Heading 2 isintha nthawi imodzi. Mpata umenewu ndi mbali ya mutu weniweniwo, si ndime ina, ndiye sungalowerere pakati.

Mphatso:
Ndipo kuchotsa ma ¶ opanda kanthu musavutike nawo mmodzimmodzi. Ctrl+H, pa Find what lembani

```
^p^p
```

pa Replace with lembani

```
^p
```

ndiye Replace All. Apa pokha ndikudziwa.

A Nkhoma:
Apa mwalasa, a Mphatso, njira ndi yomweyo. Chenjezo langa lili pa Replace All. Maonekedwe a ndime Word amawasunga mu ¶ wa kumapeto kwake, ndiye mukasinthanitsa awiri a masitayilo osiyana n'kutsala mmodzi, nthawi zina mutu umasanduka Normal, kapena ndime imasanduka mutu. Ndinaonapo mitu ingapo ikusowa mu Table of Contents chifukwa cha zimenezi, tinazindikira mapepala atatuluka kale. Tadala, sungani kope lina kaye. Kenako gwiritsani Find Next, muziona malo aliwonse. Mitu makumi atatu ndi ntchito ya mphindi khumi.

Ma Enter a pa tsamba 12 aja nawonso achoke onse.

Yamikani:
Inenso vuto langa ndi lomweli. Ndime ikamatha, mawu amodzi okha amatsikira pamzere womaliza, mwachitsanzo "kale." basi, mzere wonse mbee. Ndachonga Widow/Orphan control koma palibe chasintha. Mwina Word wanga ndi wakale?

Kondwani:
Achimwene chanucho ndi china. Mawu anuwo ali pamwamba pa tsamba kapena pakati?

Yamikani:
Pakati pa tsamba. Paliponse pomwe ndime yathera.

Kondwani:
Ndiye kabokosi kaja sikakukhudzani. Iko kamawerenga mizere pomwe tsamba ladukira, sikawerenga mawu a pamzere. Chomwe mungachite, fufutani mpata wa pakati pa mawu awiri omaliza, m'malo mwake dinani Ctrl+Shift+Space. Awiriwo azitsikira limodzi. Kapena ingochotsani mawu amodzi osafunika m'ndimemo, mzerewo utha wokha.

Yamikani:
Ohoo. Ndimaona ngati wamasiye akunenedwayo ndi mawu otsala okha.

Mayi Chisale:
Ine mpaka lero sindidziwa kuti pa awiriwo, Widow ndi Orphan, wa pamwamba ndi uti, wa pansi ndi uti.

A Nkhoma:
Mmene Word amatchulira, mzere womaliza wa ndime ukatsala wokha pamwamba pa tsamba latsopano ndiye mkazi wamasiye, anzake onse atsala kumbuyo. Mzere woyamba ukatsala wokha pansi pa tsamba ndiye mwana wamasiye. Koma ngakhale osindikiza mabuku amasinthanitsa mayinawa, ndipo ena amatcha choncho mawu otsala okha a Yamikani aja, ndiye sanasokere patali. Ife chilankhulo chathu chinatipeputsira, onse ndi amasiye, ndipo kabokosi kake ndi kamodzi.

Tadala:
Haha. Chabwino, mitu yatheka. Tsopano wamasiye wa pa tsamba 23, yemwe pano wasunthira pa 24. Ndadina pamzerewo, Widow/Orphan control ndi wochonga, koma uli pomwepo wokha.

A Nkhoma:
Zizindikiro zikadali zoyaka? Yang'anani kumapeto kwa mizere ya ndime imeneyo. ¶ ali kumapeto kwa ndime kokha, kapena pamzere uliwonse?

Tadala:
Pamzere uliwonse. Gawo limeneli mnzanga ananditumizira ngati PDF, ine ndinangokopera n'kumata.

A Nkhoma:
Ndi matenda omwe aja, angovala malaya ena. Poyamba Word amaona ndime pomwe inu mumaona mpata. Apa akuona ndime zisanu ndi ziwiri za mzere umodziumodzi pomwe inu mukuona ndime imodzi. Ndime ya mzere umodzi ilibe wamasiye, palibe choti ateteze. Muyenera kulumikiza mizereyo. Sankhani ndime imodzi koma musaphatikize ¶ wake womaliza, Ctrl+H, pa Find what muike ^p, pa Replace with mudine mpata umodzi, kenako Replace All. Akakufunsani ngati apitirize kufufuza m'fayilo yonse, yankhani No, apo ayi lipoti lonse lisanduka ndime imodzi. Mukaona kamuvi kopindika m'malo mwa ¶, ameneyo ndi wa Shift+Enter, amafufuzidwa ndi ^l. Iyeyo sadula ndime, koma amaumitsa mizere, ndiye naye ndi wochotsa.

Ena akakumana ndi wamasiye wotere chifukwa chimakhala china, choti mawu anachokera m'fayilo ya munthu wina momwe kabokosi kanali kozimitsa, n'kubwera nako kuzimako. Mungadziwe posankha tsamba lonse n'kutsegula Line and Page Breaks. Kabokosi kakaoneka kodzaza m'malo mwa kuchongedwa bwinobwino, ndiye kuti ndime zina zili nako, zina zilibe.

Tadala:
Gawolo ndi la masamba anayi. Ndiyamba ndikamwa madzi.

Mayi Chisale:
Pomwe Tadala akulumikiza, ndifunseko zanga bambo Nkhoma. Ine ndimalemba makalata a muofesi. Kalata ikangopitirira tsamba pang'ono, tsamba lachiwiri limangokhala ndi "Ine wanu", dzina ndi udindo basi. Abwana amakana kusayina, amati pepala lotere munthu akhoza kulimata kumbuyo kwa kalata ina iliyonse. Ine ndimachepetsa fonti mpaka zikwane, koma kalata ina inafika pa 9, anandibwezera.

A Nkhoma:
Abwana anuwo akunena zoona mayi. Apa ndi pomwe Keep with next woika pamanja amagwira bwino ntchito. Sankhani kuyambira ndime yomaliza ya kalata, kutsika mpaka mzere wa dzina, kusiya wa udindo womwe ndi womaliza. Chongani Keep with next. Mwapanga unyolo: ndime yomaliza yagwira "Ine wanu", iye wagwira dzina, dzina lagwira udindo. Zikasefukira, mbali yosayinira imakoka mawu a kalata kupita nawo tsamba lachiwiri. Mukafuna kuti ndime yomalizayo ipite yathunthu, ionjezereni Keep lines together, iyo yokha.

Mayi Chisale:
Nanga mpata wosayinira? Ine ndimadina Enter kanayi.

A Nkhoma:
Mukawasiya ma Enter anayiwo, aloweninso mu unyolo, onse akhale ndi Keep with next, chifukwa mmodzi akangosiyidwa unyolo wadukira pomwepo. Koma chaukhondo ndi kuwachotsa n'kuika Before 48 pt pa mzere wa dzina. Mukakonza kamodzi, sungani kalatayo ngati chikombole cha makalata onse.

Mayi Chisale:
Zaka zonsezi ndikuvutika ndi fonti. Ndiyesa mawa.

Tadala:
Ndamaliza kulumikiza, wamasiye wapita. Koma ndaona china. Masamba sakuthera pofanana. Tsamba 9 lafika pansi penipeni, tsamba 10 latsala ndi mpata wa mizere iwiri, 17 watsala ndi wa mizere ngati inayi. Abwana anga ndi a maso akuthwa, afunsa. Ndalakwitsa penapake?

A Nkhoma:
Simunalakwitse, amenewo ndi malipiro ake. Word sapanga mzere wina kuti atseke dzenje, amangosuntha. Tiyeni tiwerenge. Pepala la A4 ndi lotalika masentimita 29.7. Mukachotsa 2.54 pamwamba ndi 2.54 pansi patsala 24.62, omwe ndi mapointi pafupifupi 698. Tinene kuti Line spacing mwaika Exactly 18 pt, ndipo tiiwale kaye mipata ya pakati pa ndime. Tsamba likwana mizere 38.

Ndime ya mizere 7 iyambe pa mzere 33. Isanu ndi umodzi ikwana, wachisanu ndi chiwiri utsala wokha kutsidya. Word amatenga wina umodzi kuti ukauperekeze, ndiye tsamba lithera pa 37, mpata wa mzere umodzi. Ndime yomweyo itayamba pa mzere 38, woyambawo sungatsale wokha, yonse ipita, mpata wa mzere umodzinso.

Yovuta ndi ndime ya mizere itatu. Iyambe pa 37. Kuidula iwiri kuno umodzi uko, wamasiye pamwamba. Umodzi kuno iwiri uko, wamasiye pansi. Palibe podula, ndiye yonse imasamuka, mpata wa mizere iwiri. Ndikhulupirira mukayang'ana pamwamba pa tsamba 11 mupeza ndime ya mizere itatu. Pa 17 ndi mutu uja, womwe umafuna malo ake, mpata wake wa pamwamba ndi wa pansi, kuphatikiza mizere iwiri. Inayi si yodabwitsa.

Tadala:
Ndi ya mizere itatu ndithu. Bambo mukuona fayilo yanga kodi?

Kondwani:
Apa ine ndiye ndimasiyana ndi anthu. Mu lipoti la muofesi mpata wa mizere iwiri pansi palibe amauona. Koma ndikamakonza kabuku kosindikiza mbali zonse, masamba awiri oyang'anana akathera mosiyana zimaonekeratu. Ine pamenepo ndimazimitsa Widow/Orphan control pa ndime za mkati, n'kukonza tsamba ndi tsamba pamanja kumapeto. Ndime yomwe mzere wake womaliza uli ndi mawu amodzi kapena awiri ndimaifinya pang'ono, Font, Advanced, Spacing, Condensed 0.1 pt, mzere umodzi n'kuchepa, zonse n'kukwera. Diso silizindikira.

A Nkhoma:
Njira imeneyo ndi ya akatswiri ndipo ndaigwiritsapo, koma ili ndi lamulo limodzi, mawu akhale atatsekedwa, wina asakhudzenso ngakhale chilembo chimodzi. Abwana a Tadala achotsa ndime m'mawa uno, mawa awonjezera ina. Ntchito yonse ya pamanja ija ikhala ngati ma Enter a pa tsamba 12.

Kondwani:
Sindikutsutsa. Ndikungoti si kuti aliyense ayenera kukasiya koyaka. Komanso Word amandinyansa poti iwiri ndi iwiri basi, sungasinthe. Mu LibreOffice Writer, pa Text Flow, umasankha wekha kuti mizere yotsala ikhale ingati, pamwamba payokha pansi payokha. Ine mizere iwiri pamwamba pa tsamba, wachiwiri uli ndi mawu amodzi, ndimaonabe ngati wamasiye.

A Nkhoma:
Pa nambalapo mwanena zoona, Word sapereka mwayi wosankha. Koma mukakweza kufika itatu, ndime ya mizere isanu nayonso siidukanso, mipata pansi ikula. Ine ndimakhutira ndi iwiri.

Kondwani:
Inu ndi ine sitidzagwirizana pamenepa bambo.

Mphatso:
Koma mipatayo ili ndi mankhwala. Layout, Page Setup, tabu ya Layout, Vertical alignment muike Justified. Masamba onse athera pansi pofanana.

Kondwani:
Athera pofanana pokoka mipata ya pakati pa ndime, ndiye tsamba lina ndime zitalikirana kuposa linzake. Tsamba la ndime ziwiri zokha limaoneka zachilendo kwambiri. Ine sindingaike mu lipoti.

Tadala:
Ndisiya mmene zilili, mipata ndiipirira. Funso lomaliza, ndikulonjeza. Pa tsamba 31 mawu oti "Tebulo 5" atsala pansi, tebulo lenilenilo layambira pa 32. Pa 38 zatembenuka, chithunzi chili pansi pa tsamba, mawu ochifotokoza ali pamwamba pa 39. Ndachonga Keep with next pa mawu onse awiri, a tebulo atheka, a chithunzi ayi.

A Nkhoma:
Keep with next amagwira cha kutsogolo kokha, sagwira cha kumbuyo. Amaikidwa pa chinthu chomwe chili pamwamba pa zinthu ziwirizo. Pa tebulo, mawu ali pamwamba, ndiye mwaika malo oyenera. Pa chithunzi, chapamwamba ndi chithunzicho. Mmene mwachitiramo mwamangirira mawu ofotokoza ku ndime yotsatira, chithunzi n'kutsala chokha. Chotsani pamenepo, dinani pambali pa chithunzi kuti mukhale m'ndime yake, muchonge Keep with next pamenepo.

Izi zimatheka chithunzi chikakhala In Line with Text pa Wrap Text, chifukwa pamenepo chimakhala ngati chilembo chachikulu m'ndime yakeyake. Chikakhala Square kapena Tight chimayandama, chimatsata nangula wake, ndipo nkhani yake ndi ina yaitali.

Tadala:
Chinali In Line with Text kale, zatheka. Chithunzi chatsikira pa 39 pamodzi ndi mawu ake, koma chasiya pafupifupi theka la tsamba 38 lopanda kanthu.

A Nkhoma:
Umenewo ndiye mpata woyenera kuukonza, si wa mizere iwiri uja. Palibe kabokosi kangathandize. Dulani chithunzi ndi mawu ake, muzimate patsogolo pa ndime imodzi kapena ziwiri zotsatira, kuti mawuwo akwere adzaze tsamba 38. M'mawu muzinena kuti "onani Chithunzi 3", osati "onani chithunzi chili m'munsichi", kuti chikasuntha chiganizo chisaname. Kapena chichepetseni pang'ono ngati chikulephera kukwana ndi kachidutswa chabe. Koma izi muchite Lachinayi madzulo abwana atamaliza zosintha zawo.

Yamikani:
Nanga tebulo lomwe likuduka pakati, mizere itatu kuno inayi uko?

A Nkhoma:
Ngati ndi lalifupi loti lingakwane pa tsamba limodzi, sankhani mizere yake yonse kupatula womaliza, muchonge Keep with next. Womalizawo mukauphatikiza, tebulo limamatirira ku ndime yotsatira n'kuikoka kapena kukokedwa nayo popanda chifukwa. Komanso pa Table Properties, tabu ya Row, chotsani chizindikiro pa Allow row to break across pages kuti mzere umodzi usang'ambike pakati. Ngati tebulo ndi lalitali kuposa tsamba, musalimange, lilekeni liduke. Ingosankhani mzere wa pamwamba muchonge Repeat as header row at the top of each page kuti owerenga asasokere.

Mukadzaona tebulo lalitali likudumphira tsamba latsopano n'kusiya tsamba lam'mbuyo lili ndi mutu wokha kapena mizere yochepa, yatsani ¶ muyang'ane timabokosi takuda kumanzere kwa mizere yake. Kawirikawiri wina anagwiritsa sitayilo ya Heading mkati mwa tebulo pofuna zilembo zakuda, osadziwa kuti yabwera ndi unyolo wake.

Mphatso:
Nanga Ctrl+Enter, wodulira tsamba uja? Palibe wamutchula. Si wabwino kuposa ma Enter ambirimbiri?

Kondwani:
Ndi wabwinoko, koma naye ndi wouma. Mukamuika pofuna kuthawitsa mutu pansi pa tsamba 17, mawa mawu akawonjezeka ndi mizere itatu, itatuyo ipita pa 18 yokha, kenako iye adula, tsamba lonse mbee. Malo ake ndi pomwe tsamba liyenera kuyamba latsopano zivute zitani. Ndipo ngakhale pamenepo, ngati ndi mitu ikuluikulu, ndi bwino kuchonga Page break before mu sitayilo ya Heading 1. Tadala, fufuzani ^m mu Find muone ngati mulibe ena obisala.

Tadala:
Ndapeza atatu. Awiri ali pa mitu ikuluikulu, ndawachotsa n'kuika Page break before mu Heading 1. Wachitatu anali pakati pa gawo lachisanu, sindikukumbukanso chomwe ndinamuikira. Tili pa masamba 45 tsopano.

Ndatumizira mnzanga kuti aone, akuti kwake mutu wa gawo lachinayi uli pakati pa tsamba 17, osati pamwamba pa 18 ngati kwanga. Zayambiranso?

A Nkhoma:
Mufunseni ngati pali mutu watsala wokha kapena mzere wamasiye penapake.

Tadala:
Akuti palibe, angoti masamba ndi 44.

A Nkhoma:
Ndiye kuti kompyuta yake ilibe fonti yanu, Word waikapo ina yopanikizana pang'ono, mizere yasintha, ndipo malamulo aja adzipezera okha podula patsopano. Mukamatumiza lomaliza kwa abwana, dinani Table of Contents muchite Update Field kaye, popeza manambala a masamba asuntha, kenako musunge ngati PDF kuti aone ndendende zomwe mukuona inu.

Mayi Chisale:
Bambo Nkhoma sindinadikire mawa, ndayesa pa kalata ya lero. Ndime yomaliza yatsikira limodzi ndi dzina. Koma pansi pa udindo pamakhala mizere ya omwe alandire kope, itatu kapena inayi, ndipo kalata ina ikhoza kudukira pamenepo. Imeneyo ndiimangenso, kapena ikatsala yokha palibe kanthu?

Kondwani:
Ine ndikanaimanga, kusiya womaliza. Koma unyolo ukutalika mayi, tsamba loyamba lizitsala ndi mpata waukulu.

Mayi Chisale:
Ndiwafunsa abwana kuti chimawanyansa kwambiri ndi chiti.